Khonde likusiyana ndi khoma: ndigule misomali kapena masikuluwu?

Funso: Ndimakhala ku Chinsapo. Kuseri kwa nyumba ndinamanga kakhonde kophikiramo, mamita 3 mulitali ndi mamita 2 mulifupi. Thabwa lomwe lagona kukhoma tinalikhoma ndi misomali ya konkiriti, koma tsopano likuchoka, ndipo malata akudontha m'mabowo a misomali. Ndikufuna ndikonze mvula isanayambe. Ndigule misomali yaitali kuposa ija, kapena masikuluwu? Nyumbayo ndi ya njerwa zootcha.

Yankho: Bambo, musawononge ndalama pa misomali yaitali yokhomera kukhomako, chifukwa vuto si kutalika. Msomali umagwira chifukwa chinthu chomwe walowamo chimaufinya. Mukaukhoma m'thabwa, mitsempha ya thabwalo imapatuka, kenako imabwerera n'kuukumbatira. Njerwa sibwerera. Msomali ukamalowa umaiperapera, ndiye umakhala m'bowo lodzaza fumbi. Tsiku loyamba umaoneka kuti wagwira, koma mphepo ikangogwedeza denga miyezi ingapo, fumbilo limayoyoka, bowo limakula, thabwa n'kuyamba kusiyana ndi khoma. Msomali wa konkiriti ndi wokolekapo kalendala, wotchi, kapena wogwira timakilipi ta waya. Denga ayi. Komanso chitsulo chake n'cholimba koma chosapindika: mukaumenya mopendama umaduka n'kuuluka. Mnyamata wina yemwe ndinkagwira naye ntchito, kachidutswa kotere kanamucheka pamwamba pa chikope, kutsala pang'ono kulowa m'diso. Kuyambira tsiku limenelo sindilola munthu kuukhoma opanda magalasi.

Tiyambe ndi khomalo, popeza ndi pomwe pagona ntchito yonse. Musanapite ku hadiweya, lidziweni kaye khoma lanu. Njerwa zootcha pauvuni sizifanana, ngakhale zochokera muuvuni umodzi. Zomwe zinali pafupi ndi moto zimalira ngwe mukazigogoda, pomwe za m'mphepete zimakhala zotuwirako, ndipo mukhoza kuzikanda ndi msomali n'kusiya mzere wakuya. Chotsani thabwa lakale lija, pomwe pulasitala wagamuka muyang'ane njerwayo, muikande. Kandaninso pakati pa njerwa. Nyumba zambiri kwathu kuno zinamangidwa ndi matope, simenti inangolowa mu pulasitala basi. Kunja imaoneka nyumba ya simenti, koma m'kati ndi dothi.

Dirilo nayo imanena zoona ngati muyang'ana fumbi lomwe likutuluka. Poyamba limatuluka lotuwa, ameneyo ndi pulasitala, ndipo kawirikawiri amakhala wochindikala mamilimita 15 kapena kuposerapo pang'ono. Likasanduka lofiira, mwalowa m'njerwa, ndipo m'mene mukufuna ndi m'menemo. Likapitiriza kutuwa, mwagwera pamzere wa simenti pakati pa njerwa. Likatuluka lofiirira, biti n'kumalowa ngati mukuboola mkate, muli m'matope: tulukani, sunthani mamilimita 40 m'mwamba kapena m'munsi, mubooleso. Pakati penipeni pa njerwa ndi pomwe pamagwira bwino, osati m'mphepete mwake.

Tiyerekeze kuti njerwa zanu zapezeka zolimba. Chomwe mukufuna ndi pulagi ya pulasitiki ndi sikuluwu wamkulu wa mutu wa makona 6, uja timamanga ndi sipanala. Kumsika amamutchula kochi sikuluwu. Pulagi ndi yomwe imachita m'njerwa ntchito yomwe mitsempha imachita m'thabwa: sikuluwu akamalowa, iyo imatambasuka n'kukanikiza m'mbali mwa bowo. N'chifukwa chake ziwirizi ziyenera kugulidwa ngati banja. Pulagi ya mamilimita 6 imayenda ndi sikuluwu wonenepa mamilimita 4 mpaka 5, ndipo ndi ya zinthu zopepuka monga chitsulo cha makatani. Ya 8 imayenda ndi wa 5 mpaka 6, monga pa shelefu. Pa thabwa lonyamula denga tengani pulagi ya 12, yotalika mamilimita 60, ndi sikuluwu wonenepa mamilimita 8. Sikuluwu wowonda m'pulagi yaikulu saitambasula, zimazuka zonse pamodzi ngati chinangwa cha m'mchenga.

Pomwe anthu ambiri amalakwitsa ndi kutalika kwa sikuluwuyo, ndiye tiwerengere limodzi. Thabwa lanu ngati ndi la 2x4, kuchindikala kwake ndi mamilimita 50. Onjezani 15 a pulasitala, chifukwa pulasitala sanyamula kanthu ndipo pulagi yonse iyenera kumira m'njerwa. Onjezani 60 a pulagi. Onjezaninso 10, kuti nsonga ya sikuluwu ituluke kumapeto kwa pulagi ndi kuti washala apeze malo. Zonse pamodzi ndi 135, choncho mugula wa 140. Ndimaona anthu akugula wa 100 poganiza kuti ndi wamtali ndithu. Chotsani 50 a thabwa ndi 15 a pulasitala, m'njerwa mwalowa mamilimita 35 okha, ndipo pulagi yangotseguka kukamwa, kumene njerwa ndi yosalimba. Muyezenso thabwalo ndi tepi musanawerengere. Matabwa ambiri omwe amagulitsidwa ngati 2x4 amaperewera, mupeza 45 kapena 42, ndiye wa 130 akhoza kukwana.

Biti ikhale ya njerwa, ya mamilimita 12, yofanana ndi pulagi. Kulungani kaselotepi pa biti pa mamilimita 95 kuti mudziwe polekezera. Izi n'zofunika ngati khomalo ndi la njerwa imodzi yogona m'litali, lija lochindikala pafupifupi mamilimita 110, chifukwa mukapitiriza mugamula pulasitala wa m'chipinda. Dirilo yanu ngati ili ndi batani lomenya ngati hamala, yambani mutalizimitsa. Njerwa zathu zambiri zimaboolekera kuzungulira kokha, ndipo kumenya kuja kumakulitsa bowo kapena kung'amba njerwa. Mukamaliza, uzirani fumbi lonse ndi kapaipi kapena pampu ya njinga, maso mutatseka. Pulagi ilowe ndi timikwapulo tochepa ta hamala. Ikalowa ndi chala chokha, bowolo lakula, ndipo musalidzaze ndi timitengo ta machesi kapena pepala monga achitira ena: booleni pena. Kuti pulagi idutse pulasitala, lowetsanimo sikuluwu pomuzunguliza kamodzi kapena kawiri, mugogode mutu wake pang'onopang'ono mpaka pulagi itamira mamilimita 15 aja, kenako mumasule.

Pa thabwa la mamita 3 ikani masikuluwu 5, motalikirana pafupifupi mamilimita 650, oyamba ndi omaliza atatalikira kunsonga kwa thabwa mamilimita 150 kapena 200. Thabwalo muliboole kaye ndi biti ya matabwa ya 8 kapena 9 kuti sikuluwu angodutsa osaluma, pansi pa mutu pakhale washala wotambalala, ndipo mumange ndi sipanala ya 13. Dzanja lanu ndi lomwe lidzakuuzeni ngati zagwira. Sikuluwu wogwira amalemera pang'onopang'ono mpaka kukana, washala n'kumira pang'ono m'thabwa. Wosagwira amazungulira osatha, kapena amalemera kenako n'kupepuka mwadzidzidzi. Ameneyo musamuwerengere.

Pali zinthu ziwiri zoti muzione musanaboole. Musamange thabwalo m'mizere iwiri kapena itatu yapamwamba ya khoma. Njerwa za pamwamba zilibe cholemera chozipsinja, ndipo chimphepo chikalowa pansi pa khonde chimanyamula denga pamodzi ndi njerwazo. Chachiwiri, lowani m'nyumba muone pomwe pali masoketi ndi maswitchi pakhoma lomwelo. Mapaipi a magetsi nthawi zambiri amakwera molunjika kuchoka pa soketi kupita kudenga, ndiye pewani mzere umenewo.

Nanga njerwa zikapezeka zofewa, kapena khoma ndi la matope? Apa ndikuuzani mosabisa: palibe pulagi yomwe ndingaikhulupirire. Ogulitsa ena adzakupatsani rolobauti, bauti uja ali ndi chikhokho chachitsulo chomwe chimatambasuka. Pa konkiriti, monga pa lintala, ndi wabwino kwambiri. M'njerwa yofewa mphamvu yake imaposa ya njerwa, mumangomva kuti phwa, njerwa yang'ambika m'kati, ndipo bautiyo ayamba kuzungulira. Njira yodalirika ndi kuboola khoma lonse mpaka m'chipinda, n'kulowetsa chitsulo cha mano kuyambira kumutu mpaka kumchira, chonenepa mamilimita 10. Amagulitsa chotalika mita imodzi, mumadula nokha. M'katimo muikepo kachitsulo kaphanthiphanthi ka mamilimita 75 mbali zonse, kunja washala, uku ndi uku manati. Apa simukudaliranso kuluma kwa njerwa imodzi, khoma lonse lapanidwa pakati. Zitatu kapena zinayi zikwana. Ngati simukufuna manati kuonekera m'chipinda, imikani mizati iwiri kapena itatu pafupi ndi khoma, khonde liime palokha. Ine pa nyumba ya matope ndimasankha mizati.

Mawu amodzi kwa omwe nyumba zawo ndi za mabuloko a simenti, omwe achuluka mu Lilongwe chiyambire 2018 pomwe boma linaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga zikuluzikulu. Buloko ndi yamphako. Biti imalimbana pang'ono, kenako imangogwera m'kati. Pulagi wamba ikatambasukira m'mphakomo sigwira kanthu. Ya zopepuka funsani pulagi yomwe imadzipinda ngati mfundo kuseri kwa khungu la buloko, koma ya denga ndi chitsulo chodutsa chija, kapena kumanga pa lintala.

Tsopano thabwa ndi thabwa. Apa msomali ndiye kwawo, ndipo sindikuuzani kuti mugule masikuluwu a denga lonse. Msomali wamba umapirira bwino mphamvu yobwera cham'mbali, umapindika osaduka. Chomwe sulimbana nacho ndi kukokedwa motsata kutalika kwake. Lamulo lomwe timatsata ndi lakuti msomali utalike kawiri ndi theka kapena katatu kuposa thabwa lomwe mukulikhomeralo, kuti gawo lalikulu likhale m'thabwa la pansi. Thabwa la mamilimita 25 likufuna wa 3 inchi, omwe ndi mamilimita 75. La 50 likufuna wa 5 inchi, 125. Koma wa 5 inchi ndi wonenepa, ndipo amang'amba kathabwa ka 2x2 komwe malata amagonapo. Ndiye pomwe kathabwako kakudutsa pa thabwa lotsetsereka la 2x4, ine ndimakhoma misomali iwiri ya 4 inchi, yopendamira mbali zosiyana, wina uku wina uko. Kuti izuke, iyenera kupindika kaye.

Malo oopsa ndi pomwe thabwa lotsetserekalo likukumana ndi lija la kukhoma. Musakhome msomali wolowa kumutu kwa thabwa motsata mitsempha yake, chifukwa m'menemo umagwira mofooka kwambiri. Ligoneni pamwamba pa la kukhomalo, mukhome mopendama kuchokera m'mbali zonse ziwiri, kenako mulimange ndi hupu, kachitsulo kaja konga lamba, kokhomedwa ndi misomali yaifupi. Chitaninso chimodzimodzi kutsogolo pamtanda wa pamizati. Khonde lopanda makoma, mphepo ya mvula zoyamba siilikankhira pansi, imalinyamula. Madenga omwe timawatola kwa aneba mu Novembala ndi Disembala nthawi zambiri malata amakhala akadali okhomeka bwinobwino pa matabwa ake. Chomwe chinasiya ndi matabwawo.

Mtundu wa thabwa nawo uli ndi mawu ake. Paini, monga wa ku Chikangawa, ndi wofewa, amalandira msomali mosavuta. Bulugamu wouma ndi wina: amapinda misomali ndipo amang'ambika kunsonga. Muboolereni kaye ndi biti yocheperako pang'ono kuposa msomali. Ngati mulibe dirilo, gogodani nsonga ya msomali ndi hamala kuti ibunthe. Wobuntha umadula mitsempha m'malo moipatula ngati mphero, ndipo akalipentala a ku Mchesi amachita zimenezi osaganizira n'komwe. Thabwa laliwisi limanyenga, msomali umalowa bwino, koma likamauma limafota n'kuumasula. Ndipo ngati mwagula matabwa onyikidwa mankhwala a chiswe, aja obiriwirako, gulani misomali yokutidwa ndi zinki, chifukwa mankhwalawo ali ndi kopa yemwe amadya chitsulo wamba pakakhala chinyezi. Timasikuluwu takuda tija ta siling'i tisayandikire denga: timachita dzimbiri msanga ndipo timaduka mutu.

Tifike pa malata. Kudontha m'mabowo kuli ndi zifukwa zingapo, ndipo mukakwera mudzaona nokha chomwe chili chanu. Msomali ukakhala m'ngalande ya lata, moyenda madzi, udontha basi. Malo ake ndi pamsana. Ukakhala pamsana koma lata laphwanyika mozungulira mutu, wokhomayo anamenya mopitirira, ndipo kadzenje kameneko kamasunga madzi pakamwa pa bowo. Izi zimachitika kwambiri pa malata opyapyala. Kumbukirani kuti nambala ya geji ikamakwera lata limapyapyala: la 32 ndi lopyapyala kuposa la 28, ndipo ngakhale la 28 silifika theka la milimita. Chachitatu ndi misomali yomwe yatukuka, mutu uli m'mwamba. Lata limafutukuka ndi dzuwa la Okutobala, usiku n'kubwerera, mphepo nayo n'kumaligwedeza, ndipo msomali wosalala umakwera pang'onopang'ono. Mukaubwezera ndi hamala ukweranso, chifukwa bowo la m'thabwa linakula kale. Yang'ananinso chapansi, muli m'khondemo: msomali womwe unaphonya thabwa mudzauona ukulendewera, ndipo madzi amatsikira pa iwo.

Misomali ya malata yabwino ilipo, ija ya chipewa, ya thupi lopotoka, yokhala ndi labala pansi pa chipewacho. Pa denga latsopano la nyumba ikhoza kugwira ntchito. Koma pa khonde lanu, lomwe mphepo imalowa pansi komanso malata ake ali kale ndi mabowo, gulani masikuluwu a malata, a mutu wa makona 6, okhala ndi washala wachitsulo ndi labala. Mano ake amaluma thabwa ndipo sakwera ngati msomali. Pogula, tembenuzani muone nsonga. Ya nsonga yosongoka ndi ya matabwa. Ya nsonga yonga kabiti, yokhala ndi mano oyandikana, ndi ya pomwe malata agona pa zitsulo. Mukaika yachitsuloyo m'thabwa, kabiti kaja kamadya thabwa lomwe mano amayenera kuluma, sikuluwu n'kumangozungulira. Finyaninso labalayo ndi chikhadabo. Akhale wofewa, wobwerera. Wouma ngati pulasitiki amasweka ndi dzuwa.

Kutalika kwake tiwerengerenso. Msana wa lata wamba la mizeremizere ndi wokwera pafupifupi mamilimita 18. M'thabwa mukufuna mulowe osachepera 40. Kuphatikiza ndi washala, wa 65 ndiye woyenera. Malata a IBR msana wake ndi wamtali, pafupifupi 37, choncho pa thabwa amafuna wa 85 kapena 90. Wa 65 pa IBR amangolowa m'thabwa mamilimita osakwana 30, ndipo ndi cholakwa chomwe ndimachipeza kawirikawiri, chifukwa mutu umaoneka bwinobwino pamwamba.

Kuchuluka kwake, tiyerekeze kuti malata anu ndi wamba ndipo agona pa timatabwa titatu: kamwamba, kapakati ndi ka kunsi. Misana imatalikirana pafupifupi mamilimita 76, ndiye pa mamita 3 pali misana 40. Pa kamwamba ndi ka kunsi, komwe mphepo imayambira kukanganula, mangani msana umodzi kulumpha umodzi, 20 mzere uliwonse. Pakati mangani umodzi kulumpha iwiri, pafupifupi 14. Zonse ndi 54, koma onetsetsani kuti msana uliwonse pomwe malata awiri alumikizana uli ndi wake. Gulani 70.

Pozula misomali yakale musatsamiritse hamala pa lata. Gonekani kathabwa m'ngalande yoyandikana nayo, hamala itsamire pamenepo, apo ayi muphwanya msana. Sikuluwu alowe m'bowo lomwelo la lata ngati labala akulitseka lonse. Ngati m'thabwa munakula kale moti sakuluma, tsekani bowolo ndi silikoni ya padenga, osati ija yonunkha viniga yomwe imadya zinki, ndipo mumange pa msana wotsatira. Pomanga gwiritsani soketi ya 8 yogwira mutu wa sikuluwu pa dirilo, yoyenda pang'onopang'ono, mutaimika mowongoka. Lekani pomwe labala wayamba kutuluka pang'ono chabe m'mphepete mwa washala wachitsulo. Akafinyika mpaka kutuluka ngati nsima m'zala, kapena msana ukayamba kutsika, mwapitirira, bwezani theka la kuzungulira. Ngati washala mungamuzungulize ndi chala, sanafike.

Mukamaliza sesani tizitsulo tonse tomwe tatuluka poboola, chifukwa tikagona padenga timachita dzimbiri ndi mame ausiku umodzi n'kudetsa lata. Kenako mwana akwere pa makwerero ndi ndowa, athire madzi kuyambira kumtunda, inu muli pansi mukuyang'ana sikuluwu aliyense. Pomwe pakuoneka dontho, lembani ndi choko, mukaonjezere kumanga pang'ono. Madzi akamatsika motsata khoma, osati pa masikuluwu, vuto ndi mpata wa pakati pa lata ndi khoma. Pamenepo pakufunika kalata kopindidwa, mbali imodzi yolowa m'kamzere kosema m'khoma n'kumatidwa ndi simenti, inayo yogona pamwamba pa malata mamilimita 150, yomangidwa pa misana ndi timasikuluwu tatifupi ta mamilimita 20 tokhala ndi labala, kapena ndi maliveti.